Sikiripiti ya kavidiyo ka zithunzi zoyenda: kalembedwe kake biti ndi biti

"Achimwene, andipatsa ntchito yolemba sikiripiti ya kavidiyo ka mphindi imodzi kophunzitsa amayi kasungunulidwe ka Thanzi ORS, kokhala ndi malemba oyenda, timaayikoni ndi mawu a munthu wofotokoza. Ndinalemba tsamba lathunthu koma wopanga animeshoni wandibwezera akuti sakudziwa chilowe nchiyani nthawi yanji, komanso akuti mawu achuluka. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, wopanga animeshoniyo musamukwiyire, akunena zoona. Sikiripiti ya mtundu uwu imagwira ntchito ngati ndandanda ya nthawi, ndipo mwini nthawiyo ndi liwu la wofotokoza. China chilichonse choyenda pa sikirini, kaya ndi lemba kaya ndi kabotolo, chimayenera kumangiriridwa pa liwu limodzi lomwe munthu akulankhula. Ndiye tiyambe ndi mawuwo kaye, zithunzi zibwera pambuyo.

Malangizo ambiri omwe mungawapeze pa intaneti amati mphindi imodzi ikwana mawu 150. Amenewotu ndi a Chingerezi. Chichewa chathu chimanyamula chiganizo chonse m'liwu limodzi, tangoonani "akatsegula" kapena "mumwetseni", ndiye mukawerenga mawu mudzinamiza nokha. Ine ndimawerenga masilabulo, ndipo mwayi wake ngwakuti m'Chichewa silabulo iliyonse imathera pa vawelo, ndiye mumangowerenga mavawelo basi, nkuwonjezera m uja woima payekha ngati wa mu "msanga" kapena "m'thupi". Wofotokoza akamawerenga modekha, ngati momwe uthenga wa zaumoyo umafunira, ine ndimamuwerengera masilabulo anayi pa sekondi. Ena amathamanga kuposa apo, ndiye yesani wanuyo ndi sitopuwochi ya pafoni, koma anayi ndi poyambira pabwino.

Tiyese ndi chiganizo choyamba chomwe ndingalembe ine: "Mwana akatsegula m'mimba, madzi amatha msanga m'thupi mwake." Mawu alipo 8 okha, ndiye pa lamulo la Chingerezi lija mungati masekondi atatu akwana. Koma mavawelo alimo 20, kuphatikiza m atatu oima paokha, masilabulo akwana 23. Gawani ndi 4, mupeza kuti ndi masekondi pafupifupi 6. Mwaona kusiyana kwake? Ndi kawiri. Tsamba lanu lathunthu lija, likanawerengedwa bwinobwino, mwina likanadya mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo chomwe chimachitika anthu akakakamira ndi chakuti amauza wofotokoza kuti athamange ngati akuwerenga mauthenga a maliro nthawi itamuthera pa wayilesi, mayi woonera uja satolapo kanthu.

Sikiripiti yonse yomwe ndikupatseni apa ili ndi mawu 60, masilabulo 175, omwe ndi masekondi pafupifupi 44 olankhula. Ena 10 ndi opumira, osinthira chithunzi ndi a logo ya kumapeto. Yonse ikuthera pa masekondi 54, ndipo 6 otsalawo musawadzaze, mudzawafuna wofotokoza akadzakoka mawu ena.

Tsopano biti ndi chiyani. Biti ndi kagawo kokhala ndi ganizo limodzi, ndipo pa sikirini pamachitika chinthu chachikulu chimodzi. Pa biti iliyonse wopanga animeshoni amafuna mumuuze nthawi yoyambira ndi yothera, mawu olankhulidwa, lemba looneka, chithunzi ndi momwe chikuyendera, ndi momwe tikuchokera apa kupita kwina. Tiziwerengera mafulemu 25 pa sekondi, mafulemu ndi zithunzi zomwe zimatsatana kupanga vidiyo, ndipo chithunzi ndi choimirira, 1080 m'lifupi 1920 m'litali, poti kavidiyo kotere kamayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, anthu atagwira foni choimika.

Biti yoyamba, kuyambira 0:00 mpaka 0:06, ndi chiganizo chija tawerenga. Pa sikirini pali chithunzi chosavuta cha mwana, chojambulidwa mzere wakunja wokha, mkati mwake mwadzaza mtundu wa buluu ngati madzi ali mu botolo. Chithunzichi chikhalepo kale pa fulemu yoyamba yeniyeni, musayambe ndi mdima kapena ndi logo, chifukwa fulemu yoyambayo nthawi zambiri ndi imene imaoneka munthu asanadine kavidiyo, ndipo akaona kubii amangopitirira. Pa liwu loti "amatha", buluu uja ayambe kutsika kuchokera m'mapewa mpaka m'mawondo, kwa sekondi imodzi ndi theka. Lemba ndi lalifupi: MADZI AKUTHA, lilowe pamwamba pa mwana nthawi yomweyo. Osalemba chiganizo chonse chomwe wofotokoza akunena ayi. Munthu akamawerenga chiganizo chachitali kwinaku akumva chomwecho, maso ndi makutu zimayenda liwiro losiyana, mapeto ake chithunzi chija sachiona nkomwe.

Biti yachiwiri, 0:06 mpaka 0:10: "Thanzi ORS amabwezera madziwo." Apa samalani, ORS ikuoneka yaifupi papepala koma pakamwa ndi o-ara-esi, masilabulo asanu. Manambala ndi zidule zimapusitsa choncho nthawi zonse, muziziwerenga momwe zimatchulidwira. Mwana asunthire kumanzere, paketi ilowe kuchokera kumanja, ndipo pa "amabwezera" buluu akwere kubwerera m'mapewa. Paketiyo ifanane ndi yeniyeni yomwe mayi akaione kuchipatala kapena pa golosale, ndiye m'sikiripiti lembani kuti chithunzi cha paketi mupereka ndinu, asachipeke wojambula.

Yachitatu siyovuta, 0:10 mpaka 0:14, "Yambani mwasamba m'manja ndi sopo." Manja awiri akupakana, thovu likutuluka pa liwu loti "sopo", pakona pamwamba nambala 1 mu kabwalo. Lemba: SAMBANI M'MANJA.

Biti yachinayi ndikulemberani momwe iyenera kuonekera papepala lomwe mupereke, kuti ena onse muwalembe motsanzira. Manambala achitatu pa nthawiwo ndi mafulemu.

```
BITI 4   0:14:00 - 0:20:00
MAWU:  Tengani LITA imodzi ya madzi OWIRITSA, atazizira.
0:14:00  jagi yopanda kanthu pakati; nambala 2 pakona
0:14:14  mabotolo awiri "500 ml" alowa kumanja, mafulemu 10
"lita"   lemba LITA IMODZI lilowa pamwamba; madzi athiridwa
"owiritsa"  kaayikoni ka mphika pamoto kalowa pansi
0:19:00  mabotolo ndi mphika atuluka; jagi yodzaza itsala
```

Mwaona kuti mawu awiri ndawalemba ndi zilembo zazikulu m'mawu olankhulidwa. Amenewo ndiwo zikhomo, pomwe chithunzi chikoloweka. Nthawi za manambala zija ndi zongoyerekeza, zidzasintha liwu likadzajambulidwa, koma chikhomo sichisintha, ndiye wopanga animeshoni akalandira liwu amangomvetsera nkuika chizindikiro pa liwu lililonse lotere, kenako nkukokera pamenepo makiyifulemu ake, omwe ndi timfundo touza pulogalamu pomwe chinthu chiyambire ndi pomwe chithere kuyenda. Ichi ndicho chomwe chinasowa mu sikiripiti yanu yoyamba, ndikukhulupirira.

Palinso kachinsinsi pa nthawi yolowera. Chinthu chisayambe kuyenda pa liwu lake, chiyambe mafulemu anayi kapena asanu liwulo lisanatuluke, kuti pomwe khutu likumva "lita" diso likhale litachipeza kale chikukhazikika. Chikachedwa ngakhale ndi theka la sekondi, woonera sangakuuzeni chavuta nchiyani koma amamva kuti kavidiyo kakutsimphina. Kulowa kwenikweniko kutenge mafulemu 8 mpaka 12. Kuchepera apo chimangoti balamanthu ngati chagwa, kupitirira apo mukudya nthawi yowerengera. Ndipo chifike mochepetsa liwiro ngati minibasi yoima bwino pa siteji, osati kugunda khoma. Mu After Effects, pulogalamu yopangira animeshoni, amasankha makiyifulemu nkudina F9, zomwe zimatchedwa Easy Ease. Inu simufunika kulemba zimenezo pa biti iliyonse, lembani kamodzi pamwamba pa sikiripiti kuti zolowa zonse ndi mafulemu 10 ndipo zifike mofewa, basi zatha.

Nanga mabotolo awiriwo abwera bwanji pomwe wofotokoza sanawatchule? Apa ndi pomwe chithunzi chimalipira ndalama zake. Kunena kuti lita imodzi nkosavuta, koma kunyumba kulibe jagi ya mizere yoyezera. Mabotolo awiri a 500 ml ndi lita ndendende, ndipo chithunzi chanena zimenezo osadya silabulo ngakhale imodzi. Koma nambala 500 ml ilembedwe pa botolo moonekera, chifukwa botolo lagalasi la zakumwa lomwe anthu analizolowera lija ndi la 300 ml, ndiye mayi akathira awiri amenewo ali ndi 600 ml yokha, mankhwala akhala okhathamira mchere ndipo kwa mwana wotsegula m'mimba zimenezo nzoopsa. Ayikoni yongoti "botolo" ingavulaze mwana. Nchifukwa chake ndimati mu sikiripiti muzilemba ndithu chomwe ayikoni ikuyenera kuonetsa, musangoti "ayikoni ya madzi" nkumusiya wojambula akatole chilichonse pa intaneti. Ndipo muyeso umenewu mutsimikize ndi zolembedwa pa paketi yomwe mukuonetsayo, komanso mawu onse a zaumoyo awaone ndi kuwavomereza wa zachipatala ku bungwe lanu liwu lisanajambulidwe, chifukwa kusintha chiganizo chimodzi pambuyo pake kumasuntha mabiti onse otsatira.

Biti yachisanu, 0:20 mpaka 0:26, ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri. Mawu: "Thirani paketi YONSE, osati THEKA, ndipo MUTAKASE." Jagi ija ikadali pakati. Paketi ibwere pamwamba pake, ipendekeke, ufa utsike mpaka paketi iphwe, ndipo pa "yonse" lemba PAKETI YONSE lilowe lalikulu ndi kachongi kobiriwira. Vuto lili pa "osati theka". Mwachibadwa mufuna kuonetsa paketi yodulidwa pakati kenako nkuikapo mtanda wofiira. Koma kumbukirani kuti ambiri aonera opanda mawu, ali mu minibasi kapena pa mzere kuchipatala, ena kuwerenga kumawavuta. Ngati theka lija liima lokha sekondi yathunthu mtanda usanafike, kwa munthu ameneyo mwamuphunzitsa kuthira theka. Ndiye lembani momveka kuti theka ndi mtanda wake zilowe pamodzi ngati chinthu chimodzi, zikhale zazing'ono pambali, zikhale sekondi imodzi yokha zichoke, pomwe PAKETI YONSE ikhalabe mpaka biti ithe. Ine ndikanakhala inu mwinanso ndikanasiya theka losajambula nkomwe, likhale m'mawu mokha. Pa "mutakase" supuni izungulire katatu mu jagi, timadontho ta ufa tizimiririke.

Izi ndinaziphunzira movutikira. Kalekale ndinapanga kavidiyo ka za ukhondo wa madzi, ndinaonetsa chidebe chosavundikira kaye kenako mtanda nkubwera mochedwa motsatira nyimbo, zinkaoneka zokongola pa kompyuta yanga. Titakaonetsa amayi ena pafoni, mawu osamveka bwino chifukwa cha phokoso, mmodzi anatifotokozera mobwereza kuti madzi azikhala pa mtetete kuti apitidwe mphepo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kulakwa kunali kwanga ndipo kanali katatsala pang'ono kutumizidwa kwa anthu ambiri.

Tikambeko za kusintha kuchoka pa biti kupita pa ina, zomwe anzathu amati thiranzishoni. Mapulogalamu ngati CapCut ali nazo zambirimbiri, zozungulira, zong'anima, zogwedeza, ndipo mtima umafuna uyese zonse. Mu kavidiyo kophunzitsa kusintha kuli ndi tanthauzo, ndiye sankhani ziwiri zokha. Pa masitepe otsatana, zakale zizituluka kumanzere zatsopano zizilowa kumanja, nthawi zonse mbali yomweyo, woonera aphunzire yekha kuti zikatero ndiye tapita patsogolo. Nkhani ikasintha mtundu, monga pochoka pa malangizo kupita pa chenjezo, dulani kamodzi nkusintha mtundu wa kumbuyo. Ndipo kusinthako kuchitike pomwe wofotokoza akupuma, osati pakati pa liwu, nchifukwa chake biti iliyonse ndaipatsa kanthawi kapadera kupitirira masilabulo ake. Chomwe chimamanga kavidiyo koposa zonsezi ndi chinthu chimodzi chosachoka pa sikirini. Kwa ife ndi jagi ija: yalowa pa biti 4, yathiridwa ufa pa 5, ithira mu kapu pa 6, ikhuthulidwa pa 8. Diso likakhala ndi pogwira silisochera. Pewani kulemba kuti chinthu china chisandulike china, monga dontho lisanduke wotchi, pokhapokha mwagwirizana ndi wopanga animeshoni, chifukwa chiganizo chimodzi chotero papepala chikhoza kumudyera tsiku lathunthu.

Biti yachisanu ndi chimodzi, 0:26 mpaka 0:31: "Mumwetseni PANG'ONOPANG'ONO ndi kapu kapena supuni." Jagi ithira mu kapu, mwana uja abwerera, buluu akukwera timasitepe ting'onoting'ono katatu m'malo mokwera kamodzi, kuyenda komweko kukunena kuti pang'onopang'ono. Koma liwu limeneli lili ndi zilembo 16 kuwerengera ndi tizizindikiro take, ndipo pa sikirini yoimirira mukalikulitsa kuti liwerengeke pa kafoni kakang'ono limagunda m'mbali. Lembani mu sikiripiti pomwe liduke: PANG'ONO pamzere woyamba, PANG'ONO pa wachiwiri, wachiwiriyo ulowe mochedwerako. Mukapanda kunena, munthu wosadziwa Chichewa kapena pulogalamu yomwe idzalidula pomwe yafuna. Chinanso, malemba a Chichewa musawalowetse chilembo chimodzichimodzi ngati taipi, ng' ija imasweka, munthu amayamba waona PAN kenako PANG asanadziwe kuti liwu likupita kuti. Liwu lilowe lathunthu. Ngati penapake mwalemba ŵ, yesani fonti yanu msanga, ambiri mwa mafonti okongola aja alibe chilembo chimenechi, chimatuluka kabokosi kapena chimabwera cha fonti ina.

Yachisanu ndi chiwiri, 0:31 mpaka 0:37: "Akasanza, dikirani MPHINDI KHUMI, kenako pitirizani." Mwana akusanza musamujambule, palibe chifukwa. Kapu iime, pambali pake pabwere kabwalo ka wotchi komwe mzere wake ukuzungulira kudzaza, mu After Effects amachita ndi Trim Paths ndipo sizitenga nthawi. Lemba likhale la manambala, MPHINDI 10, pakamwa "khumi" pa sikirini 10. Pa "pitirizani" wotchi ichoke kapu ipendekekenso.

Yachisanu ndi chitatu ndi yaifupi, 0:37 mpaka 0:41, "Otsala MUTAYE pakatha tsiku limodzi." Dzuwa lidutse pamwamba, mwezi utsatire, dzuwa litulukenso, jagi ikhuthulidwe. Lemba: MAOLA 24. Lemba lililonse likhale chiimire osachepera masekondi awiri litamaliza kulowa. Muyeso wanga ndi wakuti ndiliwerenge mokweza kawiri mosathamanga, likachoka ndisanamalize ndiye lafulumira, poti ine ndikulidziwa kale pomwe mayi uja akuliona koyamba.

Tsopano chenjezo, 0:41 mpaka 0:50, ndipo apa ndi pomwe tikudula kamodzi, kumbuyo kusinthe kuchoka pa mtundu wofewa uja kupita pa wachikasu chakupsa, nyimbo itsike kwambiri. Mawu: "Ngati AKUKANA kumwa, kapena chimbudzi chake chili ndi MAGAZI, THAMANGANI naye kuchipatala." Ndi masilabulo 33, biti yaitali kuposa zonse, ndipo ili ndi zikhomo zitatu. Pa choyamba, mwana atembenuza nkhope kukana kapu, lemba AKUKANA KUMWA. Pa chachiwiri, dontho lofiira, lemba MAGAZI M'CHIMBUDZI pansi pa loyamba, loyambalo lisachoke. Pa chachitatu zonse zikwere m'mwamba pang'ono, pansi pabwere nyumba ya chipatala ndi lemba lalikulu KUCHIPATALA MSANGA. Kuyenda kukhale kochepa pano, palibe zodumphadumpha, nkhani yake siyosewera. Kuyambira 0:50 mpaka 0:54 ndi logo ya bungwe, koma lemba la kuchipatala lija litsale pamwamba pake kuti likhale lomaliza kuoneka.

Pa malo oika malemba, musayandikize pamwamba penipeni kapena pansi penipeni. Pa sitetasi ndi pa timavidiyo tatifupi ta pa Facebook kapena TikTok, mbali zimenezo zimaphimbidwa ndi dzina la wotumiza, mabatani ndi mawu ofotokozera. Ine ndimasiya pafupifupi 250 pamwamba ndi 350 pansi mwa 1920 uja popanda chofunika chilichonse. Mizere ya maayikoni ikhale yonenepa ndipo mitundu ikhale yosasakaniza, chifukwa WhatsApp imafinya vidiyo, timizere toonda timasungunuka ndipo mitundu yosintha pang'onopang'ono imasanduka mabala.

Musanamupatsenso wopanga animeshoni, chitani ichi, chitenga madzulo amodzi. Jambulani liwu lanu pafoni mukuwerenga sikiripiti modekha. Jambulani mabiti asanu ndi anayiwo papepala ndi bolopeni, ngakhale moipa, muwatole zithunzi, muwaike mu CapCut pamwamba pa liwulo, chilichonse pa nthawi yake. Mukatero mudzaona nokha biti yomwe yapanikizika, ndipo mankhwala ake ndi kudula mawu, osati kufulumizitsa liwu. Kenako zitumizireni nokha pa WhatsApp, mutsegule pa foni yaing'ono yotchipa, muzimitse mawu, mupatse mayi wina wa pafupi yemwe sanamvepo za ntchitoyi. Musamufunse ngati kali bwino, adzati kali bwino pokulemekezani. Mupatseni jagi, mabotolo a misinkhu yosiyana ndi paketi, mumuuze kuti achite zomwe waona. Yang'anitsitsani botolo lomwe atole ndi kuchuluka kwa ufa womwe athire. Akatola la 300 ml, bwererani pa biti 4 mukakulitse nambala ija ndi kuipatsa sekondi ina kuchokera pa 6 tinasunga aja.